Malonda a kunyanja: lamya ndi ya lero, imelo ndi ya tsiku la malipiro

Malonda ambiri a m'mbali mwa nyanja, kuyambira pa boma la Mangochi kudutsa pa Makawa mpaka ku Monkey Bay ndi Cape Maclear, masiku ano akuyendera pa WhatsApp. Wogula usipa, mwini loji, woyendetsa boti la alendo ndi wogulitsa masamba onse amamvana pa lamya ya m'manja, ndipo chifukwa chake ndi chodziwika: bandulo ya WhatsApp ndi yotsikirapo mtengo, uthenga umafika pompopompo, ndipo amene kulemba kumamuvuta amangojambula mawu n'kutumiza. Vuto lagona poti njira yomweyi yayamba kusenzetsedwa katundu amene siingathe kunyamula. Mapangano a ndalama zankhaninkhani akutsekeredwa ndi mawu awiri oti "zatheka bwana", ndipo zinthu zikasokonekera amene amalira ndi wamalonda wamng'ono. Chizolowezi chimenechi ndi choipa ndipo chiyenera kutha.

Kusankha pakati pa uthenga waufupi ndi imelo sikuyenera kutengera kuti njira yachangu ndi iti. Funso loyenera ndi lakuti uthengawo udzafunidwanso liti, nanga adzaufune ndani. Uthenga umene ntchito yake ikutha lero lomwe, ndipo akuufuna ndi anthu awiri okha amene akulankhulanawo, malo ake ndi pa lamya. Uthenga umene ungadzafunidwe pakatha miyezi itatu ndi munthu amene panalibe pokambirana, monga wowerengera ndalama wa bungwe, bwana watsopano kapena woweruza milandu, malo ake ndi pa imelo. Mtengo, kuchuluka kwa katundu, tsiku lomupereka ndi tsiku lolipira zonse zili m'gulu lachiwirili.

Ntchito ya uthenga waufupi imaonekera bwino padoko. Maboti akakocheza m'mawa, mtengo wa usipa umatengera kuchuluka kwa nsomba zimene zaphedwa usikuwo, ndipo mphepo ya mwera ikawomba nsomba zimasowa, mtengo n'kukwera. Wogula amene ali ku Limbe kapena ku Lilongwe amafuna kudziwa nthawi yomweyo ngati nsomba zilipo, zikupita pa ndalama zingati, ndiponso galimoto inyamuka nthawi yanji. Chithunzi chimodzi cha chambo chili pa ayezi chimayankha mafunso amene kalata yaitali singayankhe. Munthu wotumiza imelo pa nkhani yotere adzapeza nsomba zitagulidwa kale ndi ena. Chimodzimodzinso kudziwitsa mlendo kuti boti lafika, kapena kufunsa dalaivala pamene wafika pa msewu wochokera ku Liwonde. Zonsezi zikangochitika zatha, palibe adzazifunsenso.

Nkhani imasintha pamene ndalama zikudzalipidwa mtsogolo. Mangochi amadziwika ndi misonkhano ya mabungwe ndi nthambi za boma, ndipo maloji ang'onoang'ono ambiri amadalira misonkhano yomweyi. Mwachitsanzo, wogwira ntchito m'bungwe lina ku Lilongwe angalembere mwini loji kuti akufuna holo ndi chakudya cha anthu 30 kwa masiku atatu. Mwini loji atchula K60,000 pa munthu pa tsiku, zonse pamodzi K5,400,000, ndipo winayo ayankha ndi kachizindikiro ka chala chachikulu. Mwini loji agula mpunga, nkhuku, chambo ndi zakumwa, aitana aganyu, ndipo abweza alendo ena amene amafuna holo yomweyo. Tsiku litakwana pafika anthu 22. Bungwe liwerengera anthu 22 okhawo, ndalama zake K3,960,000, ndipo K1,440,000 yatsala m'malere. Mwini loji akadandaula, wowerengera ndalama wa bungwelo amufunsa mafunso atatu: kotesheni yovomerezeka ili kuti, LPO ili kuti, ndipo ndani analonjeza kuti adzalipirira anthu amene sanabwere. Kachala kaja sikayankha funso ngakhale limodzi.

Wowerengera ndalamayo sakuchita nkhanza. Iyenso ali ndi omufufuza, ndipo sangatulutse ndalama za bungwe popanda mapepala oti aike m'faelo. Wolakwa weniweni ndi wogwira ntchito amene amadziwa bwino lomwe kuti ku ofesi kwawo salipira popanda zikalata, koma n'kumaitanitsa zinthu pa WhatsApp chifukwa n'zosavuta kwa iye. Munthu wotereyu wakankhira chiopsezo chonse kwa wamalonda. Pokambirana akufuna changu cha lamya, koma polipira akufuna dongosolo la ofesi. Kumeneku ndi kudyera masuku pamutu anthu amene mpamba wawo wonse ungathere pa msonkhano umodzi.

Ena amatsutsa ponena kuti uthenga wa pa WhatsApp nawonso ndi umboni. Izi n'zoona. Lamulo la m'chaka cha 2016 lokhudza malonda ndi chitetezo pa makina a intaneti limavomereza mauthenga a pa makina ngati umboni. Koma kuvomerezedwa ndi lamulo sikutanthauza kuti umboniwo udzapezeka kapena kuti udzamveka. WhatsApp imalola wotumiza kufufuta uthenga mbali zonse ziwiri pogwiritsa ntchito Delete for everyone kwa masiku pafupifupi awiri, ndiponso kusintha mawu a uthenga mkati mwa mphindi 15. Pali njira inanso yochititsa mauthenga kuzimiririka okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90. Lamya ikabedwa kapena ikagwera m'madzi, monga zimachitikira kawirikawiri kunyanja, macheza onse amapita nayo ngati mwini wake sanawasungitse pena. Ngakhale zonse zitasungika, pangano limakhala lomwazikana: mtengo uli mu uthenga wa Lolemba, chiwerengero cha anthu chili m'mawu ojambulidwa Lachitatu, tsiku linasinthidwa pa foni Lachisanu, ndipo pakatipo pali malonje ndi zithunzi za ukwati. Imelo ikafika kwa munthu, wotumiza sangaibweze kapena kuisintha. Imakhala ndi tsiku, mutu ndi mayina a onse amene anailandira, ndipo imapezeka pa lamya ina iliyonse imene mwini wake watsegulirapo akaunti yake.

Imelo yabwino ya malonda sifunika Chingerezi chapamwamba kapena kutalika. Pa nkhani ya msonkhano uja, mutu wake ungonena kuti ndi kotesheni ya msonkhano wa anthu 30 ndi masiku ake. Pambuyo pa malonje, mwini loji alembe masiku enieni, chiwerengero cha anthu, mtengo wa munthu mmodzi ndi zimene zili mkati mwa mtengowo, monga holo, tiyi wa m'mawa ndi wamadzulo, nkhomaliro ndi madzi akumwa. Kenako abwere ndi mfundo zitatu zimene zimaiwalika pa lamya. Yoyamba ndi yakuti theka la ndalama lilipidwiretu holo isanasungidwe. Yachiwiri ndi yakuti chiwerengero chikasintha, loji idziwitsidwe kusanatsale masiku atatu, apo ayi bungwe lilipira anthu onse 30. Yachitatu ndi yakuti mtengowo ugwira ntchito kwa masiku 14 okha. Mfundo yomalizayi si yachabe m'dziko limene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anatchula mtengo pa lamya sabata yapitayo osaika malire a nthawi anakakamizika kusankha pakati pa kuluza ndalama ndi kuluza kasitomala. Pomaliza, imeloyo ipemphe yankho lolembedwa pamodzi ndi LPO, ndipo kope lake lipite kwa munthu wachiwiri m'bungwemo, makamaka wa ku ofesi ya zachuma, kuti wogwira ntchito uja akasamutsidwa kapena kusiya ntchito pangano lisapite naye.

Apa ndi pamene njira ziwirizi zimathandizana. Imelo ili ndi chofooka chake: anthu ambiri saitsegula tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zina imakagwera m'bokosi la Spam. Choncho ikangotumizidwa, uthenga waufupi utsatire wonena kuti kotesheni yatumizidwa ndipo yankho likudikiridwa pofika tsiku lakuti. Zokambirana za pa foni nazo zisathere m'malere. Chilichonse chimene chasinthidwa pakamwa chilembedwe mu imelo ya mizere iwiri tsiku lomwelo. Munthu amene amayankha msanga pa WhatsApp koma n'kumazemba kuyankha imelo waonetsa kale chizindikiro. Mwina alibe mphamvu zovomereza ndalamazo, mwina msonkhanowo sunavomerezedwe n'komwe. Mwini loji asagule ngakhale nkhuku imodzi kufikira yankho litabwera.

Palinso malo amodzi pamene njira zonse ziwiri siziyenera kukhulupiriridwa pazokha, ndipo ndi pa kusintha kwa nambala yolandirira ndalama. Akuba amatha kulemba imelo yofanana ndi ya kampani yeniyeni atangosintha chilembo chimodzi pa adiresi, kapena kutumiza uthenga pa nambala yachilendo yokhala ndi chithunzi cha munthu wodziwika, kunena kuti ndalama zitumizidwe ku akaunti ina kapena ku nambala ina ya Airtel Money kapena Mpamba. Uthenga wotere, ufike pa njira iliyonse, umatsimikizidwa poimbira nambala yakale imene wamalonda anali nayo kale, osati imene yalembedwa mu uthengawo.

N'zoona kuti si aliyense ali ndi imelo. Mayi wopereka tomato ndi anyezi ku loji pa ngongole ya mwezi sangauzidwe kuti ayambe watsegula akaunti. Koma mfundo yake siisintha: pangano likhale pamalo amodzi, lolembedwa, ndipo mbali zonse ziwiri zikhale ndi kope. Buku lolembamo katundu woperekedwa, losainidwa ndi wolandira tsiku lililonse n'kujambulidwa chithunzi, limagwira ntchito yomweyo. Kwa amene ali ndi lamya yamakono, imelo ndi yaulere kutsegula, ndipo uthenga wa mawu olembedwa okha sudya bandulo yambiri.

Chimene chimalepheretsa ambiri si ndalama koma manyazi. Wamalonda amaopa kuti akapempha zolembedwa aoneka ngati sakumukhulupirira bwanayo, ndipo bizinesi ipita kwa wina. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kasitomala wachilungamo sakhumudwa akapemphedwa kuvomereza zimene wanena yekha, ndipo bungwe ladongosolo limalemekeza wamalonda amene mapepala ake ali m'malo. Mabungwe ndi maofesi amene amachititsa misonkhano ku Mangochi aletse antchito awo kuitanitsa katundu popanda chikalata, ndipo amalonda a kunyanja aphunzire kukana. Za lero zipite pa lamya, koma chilichonse chokhala ndi mtengo, chiwerengero ndi tsiku lolipira chilembedwe pa imelo katundu asanachoke m'manja mwa mwini wake.