Ntchito ya usiku siyenera kudikira laputopu

M'maofesi ambiri a mabungwe ku Dedza Boma muli ntchito ina yomwe imafunika kuchitika tsiku lililonse popanda woiyang'anira: kukoka deta yatsopano kumene yasonkhanitsidwa, kuchotsamo zobwerezabwereza, n'kuiika pa tebulo lomwe akuluakulu amatsegula m'mawa. Kawirikawiri ntchitoyi imasiyidwa pa laputopu ya ofesala wa deta, ataitchera nthawi ndi Task Scheduler ya Windows kapena cron ya Linux. Koma laputopu inapangidwa kuti iziyenda ndi mwini wake. Akaweruka amaitseka, imalowa m'chikwama n'kukwera naye kabaza. Ngakhale aisiye pa desiki, magetsi akathima batire limatha pakangopita maola ochepa. Nthawi yotcheredwa ikakwana makina ali chigonere, cron imangodumpha ulendowo osauza munthu, ndipo m'mawa tebulo limaonetsa manambala a dzana ngati a lero.

Mkangano wa chochita nalo vutoli umayambira pakati. Ena amati ofesi igule inveta ndi mabatire kuti laputopu izichezera. Ena amati pagulidwe kakompyuta kakang'ono ngati Raspberry Pi, kaikidwe pakona kazikhala koyaka usana ndi usiku. Ena amati ntchitoyo ipite ku kilaudi, ku makompyuta a makampani akuluakulu omwe sazimitsidwa. Onsewa amathera mpweya pa mitengo ndi pa mayina a zipangizo, pomwe funso loyamba ndi lina: kodi detayo ikuchokera kuti, nanga ikupita kuti? Ngati ili kale pa intaneti ndipo zotsatira zake zikupitanso pa intaneti, palibe chifukwa choidutsitsira ku Dedza pakati pa usiku. Ntchito yotero njoyenera kilaudi, ndipo ntchito zambiri za m'maofesi ang'onoang'ono n'zamtundu umenewu.

Chitsanzo chake ndi bungwe lothandiza alimi a kachewere ku Bembeke ndi madera oyandikana nawo. Alangizi amayenda m'midzi ndi mafoni, n'kulemba pa KoboCollect kukula kwa munda, mbewu yomwe mlimi wadzala, matumba omwe wakolola ndi mtengo wa pa msika wa Lizulu. Akapeza netiweki, mafomu amapita ku seva ya KoboToolbox, yomwe ili kunja kwa dziko lino. Akuluakulu a bungwe, ena ali ku Lilongwe, amafuna kuona zonse pa Google Sheets, yomwenso ili kunja. Laputopu ya ku Dedza ikamagwira ntchitoyi, imatsitsa deta kuchokera kunja kudzera pa bandulo ya Airtel kapena TNM, n'kuikwezanso kunja komweko pa bandulo yomweyo. N'chimodzimodzi kunyamula thumba la kachewere pa Lizulu kupita nalo ku Lilongwe kukaliyeza, n'kubwerera nalo pa Lizulu kukaligulitsa. Paulendo wonsewo pamafunika zinthu zitatu nthawi imodzi, magetsi, netiweki ndi makina oyaka, ndipo chimodzi chikasowa ntchito yafa.

Kapulogalamu kokhala ku kilaudi sikafuna chilichonse mwa zitatuzi kuchokera ku ofesi. Njira yapafupi kwa bungwe lotere ndi Google Apps Script, yomwe imabwera ndi Google Sheets ndipo salipira. Munthu amalemba kapulogalamu kofunsa seva ya KoboToolbox mafomu atsopano n'kuwalemba pa tebulo, kenako amakatchera nthawi kamodzi kokha:

```
ScriptApp.newTrigger("tsitsimutsa")
  .timeBased().everyDays(1).atHour(2).create();
```

Kuyambira pamenepo ntchito imadzuka yokha usiku uliwonse nthawi ina pakati pa 2 ndi 3 koloko, malinga ngati nthawi ya pulojekitiyo inaikidwa kukhala `Africa/Blantyre`. Deta imachoka pa seva ina kupita pa inzake osakhudza bandulo ya ofesi. Kaya ku Dedza kwathima, kaya laputopu ili ku maliro ku Mayani ndi mwini wake, tebulo limakhala latsopano m'mawa.

Okonda kabokosi ka pakona amanena kuti Raspberry Pi simadya magetsi, ndipo n'zoona: imagwiritsa ntchito mawati pafupifupi 5. Chomwe amaiwala n'chakuti siyenda yokha. Imafuna rauta, ndipo zonse pamodzi zimafika mawati 12 kapena kuyandikira apo. Batire laling'ono la mavoti 12 ndi 7Ah, lomwe limapezeka mu UPS wamba, limasunga mphamvu yokwana mawati 84 kwa ola limodzi. Popeza batire la mtovu limaonongeka msanga likamatsitsidwa kupyola theka, yogwiritsa ntchito ndi 42. Pa mawati 12, amenewo ndi maola atatu ndi theka basi. Aliyense amene anali m'dziko muno Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 mpaka mu 2023, akudziwa kuti kuthima kwa magetsi kunkapitirira maola amenewo kutali. Yankho la okonda kabokosi limakhala sola. Koma Dedza Boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, m'munsi mwa phiri lotalika mamita 2,198, ndipo mu Juni ndi Julayi nkhungu ndi mitambo zimatha kuphimba dzuwa masiku angapo motsatizana. Kuti zipangizozo zichezere sabata yotero pafunika batire lalikulu ndi panelo yokulirapo, ndipo mtengo wa zonsezi umaposa wa kakompyutako kangapo.

Palinso zina zomwe sizitchulidwa pogula. Raspberry Pi imasunga zonse pa kakhadi ka SD, ndipo magetsi akaduka mwadzidzidzi pomwe ikulemba, kakhadiko kamatha kuonongeka makina osayakanso. Raspberry Pi 4 ilibe wotchi yakeyake ya batire, motero ikayaka netiweki palibe imaganiza kuti nthawi ndi ija inazimira. Nyengo ya dzinja mphezi za m'mapiri zimaotcha marauta. Ndipo kabokosi kakafa Loweruka, pafunika munthu wa kiyi wa ofesi amene akudziwanso Linux, anthu awiri omwe kawirikawiri sakhala munthu mmodzi. Za inveta yochezeretsa laputopu n'zosafunika kutaya nazo nthawi: ndi ndalama zambiri zogulira makina omwe adzangoyambiranso okha pakati pa usiku Windows ikadzikonza.

Chotsutsa champhamvu kwambiri pa kilaudi ndi ndalama zakunja. Seva yaing'ono yobwereka, ya mtundu wa VPS, imalipiridwa madola asanu kapena asanu ndi limodzi pamwezi, ndipo AWS Lambda, ngakhale imapereka maulendo miliyoni imodzi pamwezi ulere, imafuna khadi la kubanki polembetsa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kulipira kunja ndi khadi la m'dziko muno si chinthu chodalirika mwezi ndi mwezi. Khadi likakanidwa, seva imatsekedwa. Nkhawa imeneyi njomveka. Koma ikunena za njira zolipira zokha. Apps Script sifuna khadi, ndipo ntchito ya mafomu mazana angapo patsiku imakwana bwino m'malire ake aulere. Kabokosi ka pakonanso kamagulidwa ndi madola omwewo, kungoti amalipira kamodzi, kenako n'kulipiranso batire likafa.

Chachiwiri ndi chinsinsi cha anthu. Malawi ali ndi lamulo loteteza deta la 2024, ndipo mayina ndi manambala a foni a alimi si zinthu zomwazamwaza. Komabe m'chitsanzo cha ku Bembeke detayo inapita kunja pomwe mlangizi anadina batani lotumiza fomu. Kuikokera pa kabokosi ka mu ofesi sikuibweza kuchoka pa seva ija. Kumangoonjezera kope lina pa kakhadi komwe wakuba angaike m'thumba la malaya. Chitetezo chenicheni n'kulemba kapulogalamuko kuti kasamakopere mayina ndi manambala pa tebulo lomwe anthu ambiri amaona.

Pali malo amodzi pomwe kabokosi kamapambana mosakayikitsa, ndipo n'pomwe deta ili m'nyumba momwemo. Kaundula wa odwala wosungidwa pa netiweki ya m'kati mwa chipatala, kapena buku la ndalama lomwe lili pa kompyuta imodzi ya mu ofesi, kilaudi singalione. Ogwiritsa ntchito Power BI amalidziwa vutoli: akaunti ya Pro imalola kutsitsimutsa kasanu ndi katatu patsiku, koma ngati fayilo ili pa laputopu, pamafunika pulogalamu yolumikizira yomwe imagwira ntchito pokhapokha laputopuyo ikhale yoyaka. Apa pali njira ziwiri, kusamutsira fayiloyo pa intaneti, kapena kuika kabokosi kosazima pafupi ndi detayo. Akasankha kabokosi, ndi bwino kusiya cron n'kutchera nthawi ndi systemd, chifukwa imatha kugwira ntchito yomwe inadumphidwa makina akangoyaka:

```
[Timer]
OnCalendar=*-*-* 02:00
Persistent=true
```

Kilaudi nayo ili ndi misampha yake, kungoti njodziwika ndipo imakonzedwa kamodzi. Woyamba ndi malire a nthawi. Apps Script imadula ntchito ikapitirira mphindi 6, ndipo AWS Lambda imadula pa mphindi 15. Kapulogalamu kokoka mafomu onse kuyambira pachiyambi kamayenda bwino miyezi yoyamba, kenako mafomu akachuluka nyengo yokolola kamayamba kufera panjira. Mankhwala ake n'kusunga nambala ya `_id` ya fomu yomaliza yomwe yakokedwa, n'kumafunsa okhawo obwera pambuyo pake. Zikatero ntchito ya usiku uliwonse imakhala yaifupi, ndipo ikayenda kawiri mwangozi sibwereza mizere. Wachiwiri ndi wotchi: njira zambiri zimawerenga nthawi ya UTC, yomwe ili m'mbuyo mwa nthawi ya Malawi ndi maola awiri, motero 2 koloko ya kuno imalembedwa `0 0 * * *`. Wachitatu ndi umwini. Nthawi yotcheredwa mu Apps Script imayenda m'dzina la akaunti yomwe inaitchera, ndipo ofesala akasiya ntchito akaunti yake n'kutsekedwa, ntchito ya usiku imapita naye. Iyenera kutcheredwa ndi akaunti ya bungwe, ndipo kiyi wolowera ku KoboToolbox asungidwe mu Script Properties, osati pa tebulo.

Msampha waukulu, womwe uli mbali zonse ziwiri, ndi kulephera mwakachetechete. Apps Script imatumiza imelo ntchito ikagwa, koma singatumize kanthu ngati yayenda bwinobwino n'kubwera chimanjamanja. N'chifukwa chake kapulogalamuko kayenera kulemba pamwamba pa tebulo zinthu ziwiri ulendo uliwonse: nthawi yomwe kamaliza ndi chiwerengero cha mafomu atsopano. Nthawi ikakhala ya dzana, vuto lili pa kutchera kapena pa akaunti. Nthawi ikakhala ya lero koma mafomu atsopano palibe masiku atatu otsatizana pakati pa nyengo yokolola, kapulogalamuko kali bwino, ndipo oyenera kuimbiridwa foni ndi alangizi, chifukwa mafomu akadali m'mafoni mwawo kudikira netiweki kapena bandulo.