Nthabwala ya msuweni ikakwera pepala

Makalata ambiri amene amafika kwa akonzi a kalata yathu ino ndi a maliro, a zopereka ndi a misonkhano ya magulu a kumudzi. Amalembedwa usiku, munthu atatopa ndi ntchito, ndipo wolembayo amalemba ngati akulankhula ndi anzake amene anakula nawo. Koma kalata ikangochoka m'manja mwake imayenda kutali. Imafika kwa apongozi ku Nakonde, kwa bwana wa malemu ku Joni, kwa m'busa wa ku Leeds amene wapempha kuti wina amumasulire, ndi kwa agogo ku Kameme amene mdzukulu akuwawerengera pa foni. Pempho lathu kwa aliyense wolemba ndi lakuti asanatumize, afunefune m'kalatamo mawu amene ankatanthauza kuseka, ndipo adzifunse ngati wowerenga wakutali kwambiri angadziwe kuti kunali kuseka.

Anthu a ku Chitipa ali ndi chotiphunzitsa pa nkhaniyi. Boma limeneli, limene kale linkatchedwa Fort Hill, lili pakati pa Tanzania ndi Zambia, ndipo m'menemo mumalankhulidwa Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chimambwe, Chinamwanga, Chitumbuka, Chibemba ndi zina. Munthu wa ku Misuku akatsikira pa msika wa pa boma, amayamba wamvetsera kuti amene akulankhula nayeyo ndi wa kuti, kenako n'kusankha chinenero ndi kalankhulidwe. Kwa anthu ambiri kumeneko Chichewa ndi chinenero chachiwiri kapena chachitatu, chimene anachiphunzira ku sukulu ndi pa wailesi. Amachilankhula bwino, koma chipongwe chosewera cha ku Ndirande kapena ku Kawale, chimene chimadalira kukoka mawu ndi kukweza nsidze, sichimafika kwa iwo monga momwe mwini wake anachiganizira. Choncho wowerenga wa chikhalidwe china sakhala mzungu yekha ayi. Nthawi zambiri amakhala Mmalawi mnzathu, pa gulu lomwelo la WhatsApp.

Chimene tiyenera kumvetsa n'chakuti kwathu kuseka kwambiri kumaloledwa ndi chibale. Msuweni amatha kukunena kuti ndiwe mbava ndipo palibe mlandu. Agogo aamuna amatchula mdzukulu wawo wamkazi kuti mkazi wanga, ndipo mudzi wonse umadziwa kuti ndi chikondi chabe. Ku Zambia Abemba ndi Angoni amanyozana poyera, awa kuti amadya anyani, awa kuti amadya mbewa, ngakhale pa maliro penipeni, ndipo J. Clyde Mitchell anafotokoza za chibale chosekanachi m'buku lake lonena za gule wa Kalela ku migodi ya Copperbelt mu 1956. Ku Tanzania mwambo wofanana nawo amautcha utani. Mawuwo pawokha ndi achipongwe ndithu. Chimene chimawayeretsa ndi chakuti onse amene alipo akudziwa kuti wonenayo ndi ndani kwa wonenedwayo. Pa pepala chibalecho sichioneka, mawu achipongwewo ndiwo amatsala.

Tiyeni titenge chitsanzo cha mtundu umene timauona kawirikawiri. Bambo wa ku Chitipa wamwalira ku Joni atavulala pa ntchito ya zomangamanga. Mkazi wake ndi wa tsidya la Zambia. Msuweni wa malemu, amene anakulira ku Lilongwe, ndiye walemba kalata yopempha zopereka kuti thupi litumizidwe kumudzi. Kalatayo ndi yabwino, ili ndi tsiku, malo okumanira ndi dzina la msungichuma. Koma muli ziganizo zitatu zoyenera kuziyang'anitsitsa.

Choyamba chikuti: "Msuweni wangayu wathawa ngongole yanga, ndiye mubweze ndinu." Ife amene tikudziwa chisuweni tikumva munthu amene akulira mwa njira yake. Koma mayi wamasiye, kapena mchimwene wake amene akuwerengera ku Isoka, angamve kuti malemu wasiya ngongole ndipo gawo la zopereka lipita kwa wolembayo. Ena angaleke kupereka. Ena angayambe kufunsa msungichuma kuti ngongoleyo ndi ya ndalama zingati, ndipo mkangano wa ndalama ukayamba pa maliro suzima msanga. Chizindikiro chimene chiyenera kumuimitsa wolemba apa n'chosavuta kuchiona: nthabwalayo yakhudza ndalama m'kalata imene ikupempha ndalama. Paliponse pamene kuseka kwagwera pa nkhani yeniyeni ya kalatayo, wowerenga wachilendo alibe njira yosiyanitsira.

Chachiwiri n'choopsa kuposa choyambacho, ngakhale chikumveka chaulemu. Chikuti: "Tikuthokoza kwambiri abwana ake chifukwa chomusamalira bwino chonchi." Wolemba wakwiya, chifukwa bwanayo sanaonekere ku chipatala ndipo sanapereke kalikonse. Amene akudziwa nkhaniyo akumva ululu umene uli m'mawu akuti chonchi. Koma kalatayi ikamasuliridwa m'Chingerezi, chimene chimatsala ndi banja lothokoza. Ku South Africa munthu wovulala kapena womwalira pa ntchito ali ndi njira yofunira chipepeso kudzera ku Compensation Fund, motsatira lamulo la 1993, ndipo pamene mayi wamasiye ayamba kuyenda nkhani imeneyi, si bwino kuti pakhale pepala la abale lonena kuti bwana anachita zonse bwino. Kunyoza kobisala m'chiyamiko kumalephera m'njira ziwiri: amene wakumva amakhumudwa, ndipo amene sanakumve amatenga uthenga wotsutsana ndi umene unafunidwa. Mungakuzindikire pofunsa funso limodzi pa chiganizo chilichonse choyamikira: kodi ndikanakhala pamaso pa munthuyu, ndikananena mawuwa ndikutanthauzadi? Ngati yankho ndi ayi, lembani zimene zinachitika. "Mpaka lero kampani sinapereke thandizo lililonse." Chiganizo chimenechi chimanena zofanana m'chinenero chilichonse.

Yang'anani makamaka timawu tating'ono. Kunyoza kwa Chichewa kumakonda kukhala pa mawu monga chonchi, ndithu, eti, kaya, komanso pa ulemu wopitirira muyezo, monga kutchula mnyamata wamng'ono kuti abwana kapena akuluakulu. Womasulira amataya timawuti poyamba, poganiza kuti tilibe ntchito.

Chachitatu chikuti: "Inu a kumapiri, tsikani mumve uthenga, netiweki ili kuno." Wolembayo sakufuna kunyoza. Iyenso magazi ake ndi a komweko. Koma nthabwala yonena za kutalika kwa Chitipa ili ndi mbiri imene mwana wokulira ku Lilongwe mwina sanaimve. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kuchigawo chawo. Msewu wa phula wochokera ku Karonga, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, anthu anaudikira kwa zaka makumi angapo ufulu utabwera. Mkulu amene anaona zonsezi akawerenga kuti a kumapiri, m'Chichewa, kuchokera kwa munthu amene sakumudziwa nkhope, sangathe kudziwa kuti wolembayo ndi mwana wa kwawo. Pano ife akonzi timaumirira kuti chiganizocho chichoke, ngakhale wolemba atati aliyense amvetsa. Nthabwala ya mtundu wa anthu, chinenero kapena dera imafuna kuti wonena ndi womva akhale ofanana mphamvu, ndipo mbiri yathu sinatipatse kufanana kumeneko.

Pali mitu ina imene imafuna kusamala komweku. Nthabwala za apongozi, zimene ena amaziona zopepuka, n'zolemera kwa Ankhonde ndi Anyakyusa, oyandikana ndi Chitipa, kumene mwamwambo mkamwana ndi apongozi ake aamuna amapewana kwambiri. Mawu a agogo aja akuti mkazi wanga, akalembedwa pansi pa chithunzi cha mwana ku Britain kapena ku Ireland, mphunzitsi kapena wogwira ntchito yoteteza ana amene wawaona ali ndi udindo wochitapo kanthu, ndipo sangayambe ndi kuganiza kuti ndi mwambo. N'chimodzimodzi ndi "ndikupha" wa mayi kwa mwana wosamva, kapena kumunena munthu kuti ndi mfiti chifukwa wachita bwino pa mayeso.

Tisaganize kuti akuluakulu a boma m'mayiko amenewa amamva nthabwala nthawi zonse, ngakhale za eni dziko enieni. Mu Januwale 2010 mnyamata wina wa ku England, atakwiya kuti bwalo la ndege la Robin Hood pafupi ndi Doncaster latsekedwa chifukwa cha chipale chofewa, analemba moseka pa Twitter kuti aliphulitsa. Anamangidwa, anapezeka wolakwa, ntchito inamuthera, ndipo chigamulocho chinafafanizidwa ndi khoti lalikulu mu Julayi 2012. Ameneyo anali kwawo, akulemba m'chinenero chake. Mlendo amene mapepala ake akudikira kuonjezeredwa sangakwanitse kudikira zaka ziwiri kuti oweruza avomereze kuti ankangoseka.

Ena amati kuika "kkkk" kapena kankhope koseka kumathetsa vuto. Kumathandiza pang'ono pakati pa achinyamata a gulu limodzi. Koma mdzukulu akamawerengera agogo mokweza sawerenga kankhopeko, womasulira sakamasulira, ndipo pa uthenga wa maliro kumaoneka ngati kuseka wakufayo kwa munthu amene sadziwa chisuweni.

Njira yodalirika ndi yopereka kalatayo kwa munthu wa mbali ina isanatuluke. Ngati wolemba ndi wa ku Lilongwe, awerenge wa ku Nthalire kapena ku Misuku. Ngati kalatayo idzafika kwa Azambia kapena kwa bwana, awerenge amene amakhala nawo pafupi anthuwo. Musamufunse ngati kalatayo ili bwino, chifukwa Mmalawi waulemu adzayankha kuti ili bwino. Mupempheni kuti akuuzeni m'mawu ake zimene kalatayo yanena za malemu, za bwana ndi za ndalama. Akanena kuti malemu anali ndi ngongole ndipo bwana anathandiza, mwapeza ziganizo zofunika kukonza. Ngati palibe woti akuwerengereni, werengani nokha mokweza ndi mawu osakwera kapena kutsika, monga wowerenga mauthenga a maliro pa wailesi, ndipo chongani paliponse pamene mwafuna kusintha mawu kapena kumwetulira kuti tanthauzo limveke.

Sitikunena kuti msuweni aleke kuseka msuweni wake. M'chitsanzo chathu, mawu a ngongole aja ali ndi malo ake, pa siwa usiku, pakati pa anthu amene akudziwa kuti awiriwa anakula limodzi, ndipo mayi wamasiye ali pomwepo akuona misozi ya wonenayo. Ngati wolemba akufunitsitsa kuti alowe m'kalata, ayambe watchula chibalecho momveka, kuti iye ndi msuweni wa malemu, kuti kwawo asuweni amasekana ngakhale pa maliro, ndi kuti palibe ngongole iliyonse. Kuyambira kope likubwerali, kalata iliyonse ya zopereka imene ifike kwa ife tidzaipereka kaye kwa wowerenga wa dera lina, ndipo tikapeza chiganizo chokayikitsa tidzamuimbira wolembayo tisanasinthe kalikonse.