Dzina la pachigubu silimanga minofu

Ufa wa mapuloteni, umene amausungunula m'madzi kapena mumkaka n'kumwa pofuna kukuza minofu, wafikanso kwa achinyamata onyamula zitsulo a m'boma la Mulanje, ndipo umabwera m'zigubu zonyezimira zojambulidwa amuna a zifuwa ngati ng'oma. Zigubuzi zimachokera kunja, makamaka ku South Africa, choncho mtengo wake umayendera ndalama zakunja, ndipo pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yense wotere anakwera nawo. Pamtengo umenewu, gawo lalikulu limalipirira dzina la kampani, fungo la chokoleti, pulasitiki ndi ulendo, pamene chinthu chimene thupi likufuna chimapezekanso mu ufa wamba wopanda zokometsera.

Chinyengo choyamba chagona pa mawu akuti "mlingo wa kamodzi", kutanthauza ufa umene kasupuni kobwera m'chigubumo kamatapa. Kukula kwa kasupuniko amasankha ndi wopanga yekha, moti angathe kukachepetsa kuti chigubu chioneke chokhalitsa, kapena kukakuza kuti nambala ya mapuloteni yolembedwa kutsogolo ioneke yaikulu. Kufananiza zigubu ziwiri pa mtengo wa kasupuni n'chimodzimodzi kufananiza ogulitsa nandolo awiri a pa Limbuli pamene wina akuyezera mbale yophwanyika pansi. Muyezo wosanama ndi mtengo wa galamu imodzi ya mapuloteni, umene umapezeka pochulukitsa kulemera kwa ufa wonse ndi gawo lake la mapuloteni lolembedwa kumbuyo, kenako n'kugawa mtengo wa chigubu ndi yankholo.

Mitengo yotsatirayi ndi yongoyerekeza, popeza ya m'sitolo imasintha mwezi ndi mwezi, koma kawerengedwe kake sikasintha. Zigubu ziwiri zikhale za magalamu 900 chilichonse, zonse za timasupuni 30. Choyamba n'cha K120,000 ndipo 70 peresenti ya ufa wake ndi mapuloteni, pamene chachiwiri n'cha K90,000 koma mapuloteni ake ndi 50 peresenti yokha. Woyang'ana kasupuni adzathamangira chachiwiri, chifukwa kamodzi kakumudyera K3,000 m'malo mwa K4,000. Komabe choyamba chili ndi magalamu 630 a mapuloteni, kutanthauza pafupifupi K190 pa galamu, pamene chachiwiri chili ndi magalamu 450 okha, amene akufika pa K200 pa galamu, choncho chooneka chotchipacho ndiye chodula. Theka linalo la ufa wake nthawi zambiri limakhala shuga, koko ndi maltodekisitirini, amene ndi sitachi wophwanyidwa wochokera ku mbewu monga chimanga. Munthu wa m'dziko limene nsima imadyedwa kawiri pa tsiku n'kumaitanitsa sitachi wa chimanga kuchokera ku Joni, ameneyo wagulitsidwa madzi ali m'mphepete mwa Ruo.

Pamuyezo womwewo, thumba la kilogalamu imodzi ya weyi wopanda zokometsera, wa 80 peresenti, likagulidwa pa K100,000 limapereka galamu pa K125. Weyi ndi madzi amene amatsala mkaka ukaundana popanga tchizi, ndipo akasefedwa n'kuumitsidwa amasanduka ufa umene makampani ambiri otchuka amachita kugula kwa opanga zamkaka, iwo n'kungothiramo fungo ndi zotsekemera. Minofu siiwerenga lebulo. Kusiyana kwenikweni kulipo pakati pa weyi wamba ndi weyi wosefedwa kwambiri, amene amafika pafupifupi 90 peresenti ndipo shuga wake wa mumkaka ndi wochepa zedi, koma phindu limeneli ndi la munthu amene mkaka umamutsegula m'mimba, osati la wina aliyense.

Ufa wamba umene munthu wa ku Mulanje angaupeze mosavuta si weyi ayi, koma wa soya. Soya wosachotsa mafuta amakhala ndi mapuloteni opitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu, moti magalamu 55 a ufa wake amapereka mapuloteni okwana magalamu 20, ofanana ndi a kasupuni kamodzi ka chigubu choyamba chija kapena a mazira atatu. Ngakhale kilogalamu ya ufa wa soya itafika pa K6,000, magalamu 20 amenewo sangapitirire K350, pamene chigubu chotchukacho chikuwagulitsa pafupifupi K3,800. Nzeru yosakaniza soya ndi chimanga si yachilendo kuno, pakuti ndiyo maziko a Likuni Phala, amene anatenga dzina lake ku chipatala cha mishoni cha Likuni ndipo amadyetsedwa ana m'sukulu zambiri. Chimanga chimapereweza layisini, imodzi mwa tizigawo timene timapanga mapuloteni, pamene soya ali nayo yambiri, choncho ziwirizi zimakwaniritsana. N'zoona kuti weyi amagayika msanga ndipo ali ndi lusini wochuluka, kachigawo kamene kamadzutsa ntchito yomanga minofu, koma mwayi umenewo umachepa ngati munthu akudya mapuloteni okwanira tsiku lonse, ndipo sungalungamitse mtengo woposa kakhumi.

Oteteza zigubu amanena kuti dzina lodziwika ndi chitsimikizo chakuti zolembedwazo ndi zoona, ndipo mfundoyi si yopanda pake, koma ili ndi bowo. Njira yofala yoyezera mapuloteni imayeza nayitirojeni wa mu ufa n'kuchulukitsa ndi nambala yokhazikika, kawirikawiri 6.25, moti chilichonse chokhala ndi nayitirojeni chimawerengedwa ngati mapuloteni. N'chifukwa chake ku China mu 2008 anthu ena ankathira melamini mumkaka wosungunula ndi madzi, mpaka makanda anafa ndipo ena ambirimbiri anadwala impso, ngakhale mkakawo unali wa makampani akuluakulu a mayina odziwika. Pa ufa wa minofu chinyengo chofala n'chosapha, koma chimaba: amathiramo gilayisini kapena tawurini wotchipa kuti nambala ikwere. Chizindikiro chake chimaoneka pamndandanda wa zosakaniza, umene umayamba ndi chochuluka kwambiri, moti mayina amenewa kapena maltodekisitirini akakhala kumayambiriro, wogula wachenjezedwa kale. Ufa wa chosakaniza chimodzi uli ndi malo ochepa obisamo zoterezi.

Pali chinthu chimodzi chimene chigubu chimaposa nacho thumba, ndipo ku Mulanje n'chachikulu: chivindikiro. Boma lino ndi limodzi mwa a mvula yambiri m'Malawi, ndipo m'miyezi ya chiperoni mpweya umakhala wonyowa kwa masiku angapo, moti ufa wosiyidwa m'pepala lotsegula umachita mibulu, umanunkha chuku, ndipo wa soya umawawa mafuta ake akayamba kuvunda. Ufa wa soya wogula pamsika ulinso ndi vuto lina, chifukwa soya wosakazinga bwino ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa thupi kugaya mapuloteni ndipo amatupitsa mimba. Wotere amadziwika ndi fungo la nyemba zaziwisi ndi mtundu wotuwa, pamene wokazinga bwino amakhala wofiirira pang'ono ndipo amanunkhira ngati mtedza. Zonsezi zingathetsedwe popanda kulipira K120,000: soya amasankhidwa kuchotsa zowola, amakazingidwa pamoto wochepa mpaka afiirire mkati momwe, amapetedwa makoko, n'kupita naye kuchigayo pang'onopang'ono, wokwana milungu iwiri kapena itatu basi. Posungira pake pabwino ndi chigubu chomwe chija chikatha, chotsukidwa ndi kuumitsidwa padzuwa, chimene ngakhale kasupuni kake kamagwirabe ntchito, kungoti ka soya kamafunika kutapa kawiri.