Makina a chala amadya mphindi za ndani?

Mwana wa mlongo wanga amagwira nchito mu shopu ina pa Northmead. Amakhala ku Chelstone, ndipo inu okwera basi pa Great East Road mukudziwa kuti ola lofikira panchito sasankha ndi iye. Amasankha ndi kondakita amene aimitsa basi pa Munali kuyembekeza munthu mmodzi kuti mpando udzale. Sabata yatha anandionetsa pepala la maola ake. Tsiku lililonse palembedwa 08:00 ndi 17:00, osaphonya. Ndinaseka. Ndani mu Lusaka muno amafika 08:00 yeniyeni mwezi wonse?

Nkhani yake ili tere. Makina oikapo chala aja amagawa ola panayi, mphindi 15 iliyonse, nakankhira nthawi yako ku chigawo chimene chili pafupi. Ukaika chala pakati pa 07:53 ndi 08:07, amalemba 08:00. Ukafika 08:08, amalemba 08:15. Abwana ati palibe wodyeredwa: lero wataya mphindi zisanu, mawa wapeza zisanu, pakutha mwezi zilingana.

Papepala n'zoona. Koma zimalingana kokha ngati munthu ali ndi ufulu wogwera mbali zonse ziwiri, ndipo mu shopu ufulu umenewo kulibe. Fikani 08:05 katatu muone. Makina akukhululukirani, koma supavaiza wakuonani ndi maso, ndipo kalata yochenjeza ikubwera. Motero aliyense amalimbikira kufika nthawi isanakwane. Mtsikana wathuyu amaika chala cha m'ma 07:54, ndipo sakhala pansi kudikira, amayamba kupukuta mashelefu. Madzulo ndiye kulibiletu kuchoka 16:53 ati makina adzalemba 17:00. Kasitomala womaliza atuluke, ndalama ziwerengedwe, chitseko chitsekedwe, chala chimafika pamakina 17:05.

Manje tiyeni tiwerenge. M'mawa mphindi 6, madzulo 5, pamodzi 11 patsiku. Masiku 26 apereka mphindi 286, pafupifupi maola asanu. Lamulo la nchito la 2019, Employment Code Act, limati sabata ya nchito ndi maola 48, ndipo opitirira pamenepo ndi ovataimu, yolipidwa malipiro a ola limodzi ndi theka lake. Tinene kuti munthu amalandira K2,080 pamwezi wa maola 208. Ndiye kuti ola lake ndi K10, la ovataimu K15. Mphindi zija zifika pa K70 ndi kakobiri pamwamba. Wina ati ndi zochepa. Mufunseni amene Lachisanu lomaliza la mwezi amapempha kondakita kuti amuchotsereko.

Ndipo awa ndi makina oona mtima, okankhira ku chigawo chapafupi. Alipo ena oikidwa kuti azikankhira mbali imodzi chabe: wafika 08:02, alemba 08:15, wachoka 17:12, alemba 17:00. Mphindi 25 zapita tsiku limodzi. Uku sindikutcha kusalaza nambala ayi, ndi kudula malipiro mosanena.

Sindikuti amene anayamba mwambowu anali akuba. Kale kalaliki ankawerenga makhadi a anthu mazana ndi pensulo, ndipo kugawa ola panayi kunkamupeputsira nchito. Komanso anthu makumi awiri akaima pamzere pa makina amodzi, womaliza asalangidwe chifukwa cha mzerewo. Ku America malamulo a boma amalola kusalaza kotere, koma pokhapokha ngati pakupita kwa nthawi wanchito sataya malipiro a maola amene anagwira. Lero makina amasunga mphindi yeniyeni, kompyuta imaphatikiza yokha. Pensulo ija inapita, chifukwa chake chinapita nayo limodzi. Mzere wa pamakina mankhwala ake ndi kulekerera mphindi zisanu m'mawa, osati kufufuta za madzulo.

Kudziwa ngati mukudyeredwa sikufuna loya. Kwa mwezi umodzi, mukangochotsa chala, lembani nthawi mufoni kapena m'kabuku, polowa ndi potuluka. Pakutha mwezi pemphani pepala la makina loonetsa nthawi zenizeni, osati zosalazidwa, chifukwa makina ambiri amasunga zonse ziwiri. Muike pambali masiku amene munapindula ndi amene munataya. Zikakhala pafupifupi zofanana, abwana anena zoona, asiyeni. Zikapendekera mbali imodzi mwezi wonse, muli ndi chogwira m'manja popita kwa abwana, ku yuniyoni kapena ku ofesi ya Leba. Ndipo musalembe nokha. Kabuku ka munthu mmodzi ati ndi dandaulo, koma timabuku tisanu tonena chimodzimodzi n'tovuta kukana.

Mtsikana wathu wayamba kulemba Lolemba. Masiku anayi apita: wataya mphindi 41, wapindula ziwiri, tsiku limene basi inathera mafuta pa Manda Hill nafika 08:02.