Gawo la Bitikoini pa Msika: Kusunga Maolutikoini Kapena Masitebulokoini?

Amalonda a ndalama za pa intaneti ali ndi nambala imodzi imene amaiyang'ana m'mawa uliwonse asanagule kapena kugulitsa kanthu. Pa TradingView nambalayi imalembedwa kuti BTC.D, ndipo imasonyeza gawo la Bitikoini pa chuma chonse cha msikawo. Kapezedwe kake nkosavuta: mtengo wa Mabitikoini onse amene alipo umagawidwa ndi mtengo wa ndalama zonse za mtunduwu pamodzi. Ikakhala 60, ndiye kuti pa madola 100 aliwonse a msika, 60 ali mu Bitikoini. Otsalawo ali m'maolutikoini, ndiwo ndalama zina zonse monga ETH, ndiponso m'masitebulokoini monga USDT, amene anapangidwa kuti mtengo wake uzikhala dola imodzi nthawi zonse.

Chiphunzitso chofala nchakuti nambalayi ikamatsika, ndalama zikusamukira kumaolutikoini, choncho ndi nyengo yowasunga. Zinaterodi mu 2017. Chakacho chinayamba gawo la Bitikoini lili pamwamba pa 80, koma pofika Januwale 2018 linali litagwa kufika pafupi ndi 33, ndipo amene anasunga maolutikoini anakolola zochuluka.

Tsono chimene chinatsatira ndicho chofunika kuchimvetsa. M'chaka cha 2018 nambala ija inatembenuka nkukwera mpaka kupitirira 50. Munthu wosadziwa akanaganiza kuti Bitikoini inali kulemeretsa eni ake, pamene zoona zake nzakuti inali kugwa, kungoti anzake anali kugwa koposa. Pakati pa Januwale Bitikoini imodzi inali pafupi madola 14,000 ndipo ETH inali pafupi madola 1,400. Pakati pa Disembala Bitikoini inali pafupi 3,200, ETH ili pansi pa 100. Munthu amene anaika madola 1,000 mu ETH anatsala ndi osakwana 70. Amene anathawira ku Bitikoini poona kuti gawo lake likukwera anatsala ndi pafupi 230. Amene anasunga USDT, ngakhale mtengo wake unagwedezeka pang'ono mu Okutobala, anatha chaka ali ndi pafupifupi madola ake onse.

Apa mpoonekeratu kuti nambalayi imangonena za amene akulandira nthuli yaikulu, osati za kukula kwa nyama imene ikugawidwa. Nchifukwa chake wamalonda wochenjera amaiwerenga pamodzi ndi mtengo wa Bitikoini weniweniwo. Gawo likamatsika mtengo ukukwera kapena utakhazikika, maolutikoini ali ndi mpata. Gawo likamakwera mtengo ukugwa, monga mu 2018, anthu akuthawa, ndipo pothawira ndi kumasitebulokoini.

Komabe chaka cha 2022 chinasokoneza ngakhale odziwa. Bitikoini inagwa kuchoka pafupi madola 69,000 mu Novembala 2021 kufika pafupi 16,000 mu Novembala 2022, koma gawo lake kumayambiriro ndi kumapeto kwa nyengoyi linali pafupi ndi 40. Woyang'ana BTC.D yokha sakanaona chochititsa mantha. Chimodzi mwa zifukwa zake nchakuti masitebulokoini, amene mu 2018 anali ochepa kwambiri, tsopano anali atakula, ndipo nawonso amawerengedwa m'chuma chonse chija.

Masamu ongoyerekeza angathandize. Msika wa madola 100 uli ndi 40 mu Bitikoini, 54 m'maolutikoini ndi 6 m'masitebulokoini. Mitengo itagwa, Bitikoini yatsala ndi 13, maolutikoini 14, koma masitebulokoini akadali 6. Onse pamodzi ndi 33, ndipo gawo la Bitikoini ndi 39, ngati kuti palibe chachitika. Chimene chasintha ndi gawo la masitebulokoini, lomwe lachoka pa 6 kufika pa 18. Nchifukwa chake ena amayang'ananso USDT.D, imene imasonyeza gawo la USDT: ikamakwera msanga BTC.D ili chiimire, kudekha kwa BTC.D nkwachinyengo.

Pothawirapo paja napo mposadalirika kotheratu. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mu Meyi 2022 sitebulokoini yotchedwa UST inasiyana ndi dola nkugweratu m'masiku ochepa, pakuti kumbuyo kwake kunalibe madola enieni. Mtengo wake unkachirikizidwa ndi olutikoini ina, LUNA, ndipo zonse ziwiri zinamira limodzi. Mu Malichi 2023 USDC, imene inali ndi chuma chenicheni kumbuyo, inatsika pansi pa masenti 90 pamene banki ya Silicon Valley, yosunga gawo la chumacho, inatsekedwa. Iyoyo inabwerera pa dola patangopita masiku ochepa, boma la Amereka litatsimikiza kuti osunga ndalama kubankiyo adzabwezeredwa zonse. BTC.D sikanatha kuchenjeza munthu za ngozi ziwirizi, chifukwa siiwerenga zimene zili kumbuyo kwa sitebulokoini.