Mukatumiza ndalama ku nambala yolakwika, yambani mwatumira 111

Mwezi watha ndinataya K650 ndili m'basi yochoka pa Kulima Tower kupita ku Matero. Sanandibe m'thumba ayi. Ndinali kutumizira amayi ku Chipata ndalama ya feteleza, kondakita ali pakhosi kufuna yake, basi ili kudumpha m'maenje, ndipo chala changa chinatembenuza manambala awiri akumapeto. Dzina linabwera pa foni ndisanaike PIN, koma sindinaliwerenge. Ndinazindikira pamene meseji inafika ndi dzina la mwamuna amene sindimudziwa.

Kulakwa kwenikweni ndinakuchita pambuyo pake. Ndinamutumira foni munthuyo. Anayankha mwaulemu ndithu: "Osadandaula ba sisi, nizabweza manje manje, nifike chabe pa nyumba." Ine n'kukhala phee, kuyembekeza. Patapita ola limodzi foni yake inali yozima. Pamene ndinatumira kampani, anandiuza kuti ndalama zatapidwa kale pa buthi.

Nazi zimene ndaphunzira, ndipo mtengo wake ndi K650 ija. Kampani ingabweze ndalama pokhapo ngati zikali mu akaunti ya amene walandira. Mukadandaula msanga, iwo angazigwire kuti asatape kapena kuzitumiza kwina, ndiyeno amamufunsa ngati akuvomera kuti si zake. Akavomera, zimabwerera kwa inu. Koma zikatuluka, kaya watapa, kaya wagula thokutaimu kapena mayunitsi a magetsi, palibe choti abweze. Kampani sikulipirani kuchokera m'thumba mwake, chifukwa PIN munaika ndinu. Tsono kumutumira munthuyo poyamba kuli ngati kumuuza kuti thamanga. Mwina anali asanaone n'komwe meseji.

Choncho tumani ku 111 pomwepo, ngakhale muli m'basi, pa laini imene mwatumizira ndalama. Meseji ija musafute. M'menemo muli Transaction ID, nambala imene yalandira, kuchuluka kwa ndalama ndi nthawi, ndipo adzakufunsani zimenezo, pamodzi ndi dzina lanu ndi nambala ya NRC kuti atsimikize kuti laini ndi yanu. PIN yokha sapatsa munthu, ngakhale wa kampani. Musanadule foni pemphani nambala ya dandaulo lanu, muilembe penapake. Popanda iyo, mawa mudzayambanso nkhani yonse kwa munthu wina.

Ambiri timathamangira pa buthi kukalimbana ndi mtsikana wokhalamo. Iye alibe mphamvu yobweza zimene mwatumiza pa foni yanu. Zimasiyana ngati munamupatsa kashi kuti akutumizireni: pamenepo ndalama zachoka mu akaunti yake, ndipo ndiye ayenera kutumira kampani inu muli pomwepo. Muonenso nambala imene yalembedwa m'buku lake. Ndalama zikawoloka kupita ku netiweki ina, monga kuchoka ku 097 kupita ku 096, dandaulo mumaperekabe ku kampani yanu, iyo ndiyo ikambe ndi inzake, ndipo pamenepo zinthu zimachedwa.

Nanga ngati munthu watapa kapena akukana? Kwatsala kupolisi. Kampani sikupatsani adiresi yake inu nokha, imafuna kalata ya apolisi. Ngati kampani ndiyo ikukuzungulitsani, dandaulo lingapite ku Bank of Zambia, imene imayang'anira ndalama za pa foni. Ine ndinawerenga ndalama za basi ndi masiku ojomba ku ntchito, n'kuona kuti zidzatsala pang'ono kufika pa K650 yomweyo. Ndinasiya. Ndikukhulupirira ambiri amasiyira pomwepo, ndipo otapa ndalama za eni amadziwa zimenezi.

Apa m'pamene ndikuti makampani onse achitepo kanthu. Kutumiza kumatenga masekondi, koma kudandaula kumafuna kuti uyembekeze pa foni kumvetsera nyimbo, pamene mnzako ali kale pa mzere wa buthi. Munthu akangonena kuti walakwitsa, ndalamazo zizigwidwa nthawi yomweyo, mafunso abwere pambuyo, ndipo amuuze poyera masiku amene adzayembekeza. Ndikudziwa chimene amaopa: wina angagule tomato pa Soweto, n'kulipira pa foni, n'kunama kuti analakwitsa. N'chifukwa chake wolandira ayenera kufunsidwa ndithu. Koma kugwira ndalama tsiku limodzi si kumulanda.

Tsiku lina mudzakhala mbali inayo. Wina adzakutumirani akulira kuti ndalama ya maliro yalowa kwa inu, mubweze. Musakhulupirire meseji, pakuti akuba amalemba yawo yofanana ndi ya kampani. Lowani pa *115# muone balansi. Ngati zalowadi, musazitumize nokha, makamaka akakupatsani nambala ina. Muuzeni atumire 111, kampani ikakufunsani muvomere. Mukatumiza nokha iye n'kukadandaulanso ku kampani, mungalipire kawiri.