Mano oyamba adzagulukadi, koma si lero

Pa sikelo ku Namitambo, ku Nguludi ngakhale m'maminibasi opita ku Limbe, mawu awa amamveka kawirikawiri: "Asiyeni awole, si mano enieni, adzamera ena." Ife tikukana, chifukwa mawuwa akuliza ana usiku.

Kuguluka adzagulukadi, koma liti? Dzino loyamba limatuluka mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, ndipo pofika zaka 3 mano amakhala atakwana 20. Akutsogolo amayamba kugwedera pa zaka 6, koma akumbuyo otafunira amafika zaka 10 mpaka 12. Dzino lakumbuyo likabooka mwana ali ndi zaka 3, ndiye kuti amva kuwawa zaka zambiri kapena alizulitsa msanga. Likachoka nthawi isanakwane, anzake amasendera pa mpatapo ndipo lachikulu limadzamera mopingasa.

Vuto limayambira pa mphasa. Mayi wapita kukagulitsa tomato, wabwera atatopa, mwana akulira. Agogo amuthirira tiyi wa shuga m'botolo, ndipo agona nsonga ya botolo ili m'kamwa. Sitikuwadzudzula, kutopa kwawo tikukudziwa. Koma munthu akagona malovu amachepa, choncho tiyi uja amadikha pa mano usiku wonse. Tizilombo ta m'kamwa timadya shugayo n'kutulutsa asidi wosungunula dzino. Mkaka wa m'chitini umachitanso chimodzimodzi. Oyamba kuonongeka ndi anayi akumwamba kutsogolo, poti akunsi lilime limawaphimba.

Amayi, mukamusambitsa mwana tukulani mlomo wake wakumwamba. Mukaona kamzere koyera ngati choko m'mphepete mwa nkhama, kuwola kwayamba, koma kungathe kuimitsidwa. Kakasanduka kofiirira, dzino labooka kale. Pitani naye kwa a mano pa chipatala cha boma cha Chiradzulu osadikira kuti tsaya litupe.

Mano asanamere, pukutani nkhama ndi kansalu koyera konyowa, kokulunga ku chala, m'mawa ndi pogona. Dzino likangotuluka, mutsukeni kawiri pa tsiku ndi kamswachi kofewa, mankhwala otsukira mano okhala ndi fuloraidi akhale ochepa ngati kambewu kamodzi ka mpunga. Pa miyezi 6 ayambe kumwera m'kapu, ndipo akamakwana chaka botolo alisiye. Kuyamwitsa pitirizani. Ngati wazolowera botolo la usiku, muzithiramo madzi owiritsa okha, bola akhale wopitirira miyezi 6.

Pomera mano nkhama zimayabwa, dovu limachuluka, mwana amaluma chilichonse. Mutikiteni nkhama ndi chala chosamba bwino, osamupaka shuga kapena uchi. Koma thupi likatentha kwambiri kapena akatsegula m'mimba, musanene kuti ndi mano. Mano sachita zimenezo. Angakhale malungo kapena matenda a m'mimba, ndipo mwana wotere akayezedwe kuchipatala tsiku lomwelo.